Posiya Ntchito: Ndani Alipira Mnzake pa Notisi ndi Masiku a Tchuthi?

Kalata yosiyira ntchito sichedwa kulemba. Mizere itatu kapena inayi, kuthokoza pang'ono, kusayina, basi. Koma tsiku limene munthu watchula m'kalatamo kuti ndilo lomaliza kuonekera pantchito likhoza kumuonjezera kapena kumuchotsera ndalama zofika pa malipiro a mwezi wathunthu. Ambiri amazindikira zimenezi madzi atafika kale m'khosi, atalandira peyisilipi yomaliza n'kupeza kuti ndalama imene amaiwerengera pa lendi ndi fizi ya ana yachepa ndi theka. Ena amauzidwa kumene kuti iwowo ndiye ali ndi ngongole kukampani.

Zinthu ziwiri zimene zimasuntha kwambiri malipiro omalizawa ndi notisi ndi masiku a tchuthi amene munthu sanapume, omwe kuntchito ambiri amangoti masiku a livu. Ku Malawi zonse ziwiri zili m'Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000, lomwe limakhudza ogwira ntchito m'makampani, m'mabungwe, m'masitolo, m'maesiteti ngakhalenso m'nyumba za anthu. Asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende okha ndiwo lamuloli silikuwakhudza, poti ali ndi malamulo awoawo.

Gawo 29 la lamuloli limayeza notisi potengera mmene munthu amalandirira. Wolandira pamwezi, ngati ntchito yake ilibe tsiku lothera, ayenera kupereka notisi ya mwezi umodzi, kaya wagwira chaka chimodzi kaya zaka 20. Kwa olandira pamasabata awiri, pasabata kapena patsiku, notisi imatalika malinga ndi zaka zimene munthu wakhala pantchitopo. Wolandira pasabata, mwachitsanzo, amapereka sabata imodzi ngati sanakwane zaka ziwiri, masabata awiri akapitirira pamenepo, ndipo akafika zaka zisanu imakhala mwezi wathunthu. Amene ali pa kontirakiti yokhala ndi tsiku lothera, notisi yake siyenera kuchepera masiku 14. Amene akadali pa nthawi yoyesedwa akhoza kuchoka tsiku lililonse popanda notisi, monganso bwana akhoza kumuchotsa chimodzimodzi.

Manambala amenewa ndi poyambira chabe. Kalata yolembedwera ntchito ikhoza kutchula nthawi yotalikirapo, ndipo akuluakulu a m'maofesi ambiri anasayinira miyezi itatu. Choncho munthu asanalembe chilichonse, ayambe watsegula sutikesi n'kufunafuna kalata ija anailandira tsiku loyamba. Lamulo limanenanso kuti notisi ikhale yolemba. Kuuza kapitawo pakamwa pa nthawi ya tiyi kuti "ine mwezi wamawa simundionanso" si notisi. Mwezi umayamba kuwerengedwa kalata ikafika m'manja mwa olemba ntchito, n'chifukwa chake anthu ochenjera amalemba makalata awiri ofanana, ina n'kusayinitsa ndi kudinditsa tsiku kwa amene wailandira, n'kupita nayo kunyumba.

Nanga notisiyo ikapanda kukwanira? Gawo 30 ndilo limayankha, ndipo limaluma mbali zonse. Ngati olemba ntchito sakufuna kuti munthu agwire masiku a notisi, ayenera kumulipira ndalama yofanana ndi imene akanalandira mpaka tsiku lothera notisiyo, pamodzi ndi zina zonse zimene amayenera kupindula nazo m'nthawi imeneyo. Ngati wantchito ndiye wachoka notisi isanathe, ndipo olemba ntchito sanamukhululukire, iye ndi amene amalipira ndalama yomweyo. Komabe lamulo limamusungira malipiro a masiku amene anagwira kale ndi zonse zimene anali atazipeza pofika tsiku lochokalo. Bwana sangalande zonse chifukwa chokwiya. Mbali iliyonse ilinso ndi ufulu wongosiya notisi yake osaifunsa, ndipo pamenepa, monga tionere, pali ndalama zambiri zimene anthu amataya chifukwa choopa kupempha.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze nkhani ya mayi wina wosunga ndalama mu sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe. Mayiwa amagwira kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Salale yawo ndi K520,000 pamwezi, ndipo mwezi uliwonse amalandiranso alawansi ya nyumba ya K130,000, zonse pamodzi K650,000 msonkho usanachotsedwe. Apeza ntchito ina yabwinoko ku Lilongwe, ndipo Lachinayi pa 31 Julayi 2025 apereka kalata yawo. Notisi yawo ikuyenera kuyenda kuyambira pa 1 mpaka pa 31 Ogasiti. Vuto n'lakuti kuntchito yatsopanoyo akuwafuna Lolemba pa 18 Ogasiti, kutanthauza kuti tsiku lomaliza ku Limbe likhala Loweruka pa 16.

Chilichonse chimene chiwerengedwe kuyambira apa chikudalira nambala imodzi: tsiku limodzi la mayiwa ndi ndalama zingati? Funsoli limaoneka lachibwana, koma mikangano yambiri ya malipiro omaliza imabadwira pomwepa. Lili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi ndalama imene tigawe, kaya ndi salale yokha ya K520,000 kapena yonse ya K650,000. Yachiwiri ndi nambala ya masiku imene tigawire.

Pa mbali yoyamba, lamulo likamanena za malipiro a notisi silinena za salale yokha. Tanthauzo limene linaikidwa kumayambiriro kwa lamuloli ndi lotambalala: salale pamodzi ndi maalawansi ndi zina zonse zimene munthu amapatsidwa chifukwa cha ntchito yake, kaya ndi ndalama kaya ndi zinthu. Alawansi ya nyumba imene imabwera mwezi ndi mwezi ili m'kati mwa tanthauzo limeneli. Zimasiyana ndi ndalama yongobwezeredwa, monga ya thiransipoti ndi yogonera munthu akatumidwa kukagula katundu, chifukwa imeneyo imangotseka dzenje limene ntchito yakumba m'thumba mwake. Kwa mayi athuwa, ndiye kuti poyambira ndi K650,000.

Pa mbali yachiwiri, wogwira masiku 6 pasabata amakhala ndi masiku ogwira ntchito pafupifupi 26 pamwezi, ndipo nambala imeneyi si yongopeka. Boma lenilenilo limaigwiritsa ntchito polengeza malipiro otsikitsitsa. Pamene malipirowa anali K50,000 pamwezi mu 2021, a tsiku limodzi anali K1,923.08, ndipo atakwera kufika K90,000 mu 2024, a patsiku anakhala K3,461.54. Aliyense amene ali ndi foni akhoza kugawa yekha n'kuona kuti ponse pawiri anagawa ndi 26. Kwa ogwira masiku 5 pasabata, maofesi ambiri amagawa ndi 22, ena ndi 21.67, yomwe imabwera akatenga masiku 260 ogwira ntchito pachaka n'kuwagawa m'miyezi 12.

Ndiye K650,000 kugawa ndi 26, tsiku limodzi la mayiwa ndi K25,000.

Zinangochitika kuti Ogasiti wa 2025 anali ndi masiku ogwira ntchito 26 enieni kwa munthu wopuma Lamulungu lokha, ndipo munalibe tchuthi cha boma. Kuyambira pa 1 mpaka pa 16, tikachotsa masiku awiri a Lamulungu, mayiwa agwira masiku 14, omwe ndi K350,000. Masiku a notisi amene atsala osagwiridwa ndi 12, ndipo amenewa ndi K300,000 imene sitolo ili ndi ufulu woifunsa. Pali njira yosavuta yodziwira ngati akauntanti wawerenga molungama: ndalama ya masiku ogwiridwa ndi ya masiku otsala, zikaphatikizidwa, ziyenera kufanana ndi malipiro a mwezi umodzi. Apa K350,000 ndi K300,000 zikupanga K650,000 ndendende. Akauntanti wina akhoza kusankha kuwerenga masiku onse a pakalendala, 16 ogwiridwa ndi 15 otsala mwa masiku 31, ndipo manambala ake adzasiyana pang'ono ndi athuwa, koma akaphatikizidwa adzafikabe pa K650,000. Zikapanda kufika pamenepo, ndiye kuti pena pake pasakanizidwa njira ziwiri.

Onaninso kuti sitoloyo singafunse mwezi wonse. Pali mabwana ena amene amaganiza kuti munthu akadula notisi ngakhale ndi masiku atatu, ndiye kuti malipiro a mwezi wathunthu apita. Lamulo likunena za ndalama imene ikanalipidwa kuyambira pamene munthu wachoka mpaka pamene notisi ikanathera. Masiku amene anagwira ali kale m'notisi sangalipitsidwenso.

Tsopano tchuthi, komwe nkhani imakhala ndi nthambi zambiri. Gawo 44 limapatsa wogwira masiku 6 pasabata tchuthi cholipidwa cha masiku ogwira ntchito osachepera 18 pachaka, ndipo wogwira masiku 5 amapatsidwa osachepera 15. Kunena kwina, onse awiri amapuma masabata atatu. Amene sanamalize chaka sataya kanthu, chifukwa lamulo limati alandire molingana ndi gawo la chaka limene wagwira. Masiku 18 kuwagawa m'miyezi 12 ndi tsiku limodzi ndi theka pamwezi, pamene wa masiku 15 amapeza tsiku limodzi ndi kota. Ngati kampani inalonjeza masiku ochulukirapo, monga 24 kapena 30, lonjezolo ndilo limagwira ntchito. Kenako gawo 45 limalamula kuti ntchito ikatha, masiku onse amene munthu anawapeza koma sanapatsidwe asanduke ndalama. Silisankha kuti wachoka yekha kapena wachotsedwa, wachoka mwamtendere kapena mokangana.

Mu sitolo ya ku Limbe ija chaka cha tchuthi chimayamba mu Januwale. Mayiwa akanagwira mpaka pa 31 Ogasiti akanakwanitsa miyezi 8, omwe ndi masiku 12. Pochoka pa 16 Ogasiti agwira miyezi 7 ndi theka, omwe ndi masiku 11.25. Makampani ena amangowerenga miyezi yathunthu n'kutaya theka la mwezilo, koma mawu a lamulo akuti molingana ndi nthawi yogwiridwa amapatsa wantchito poimira akafuna kufunsa kachidutswako.

Pamwamba pa amenewa, mayiwa ali ndi masiku 6 otsala a chaka cha 2024. Anapempha kuti apume mu Disembala, nthawi imene anthu amathamangira kugula malata ndi simenti pokonza nyumba zovutitsidwa ndi mvula, ndipo abwana anawapempha kuti adikire. Masiku otsalira oterewa ndi amene amavutitsa kwambiri. Lamulo limafuna kuti tchuthi chitengedwe pasanathe miyezi 6 chiyambire kuyenera kutengedwa, koma limalola kuti chichedwetsedwe ndi kuunjikidwa ngati mbali zonse ziwiri zagwirizana. Makampani ambiri ali ndi lamulo lawolawo loti masiku osatengedwa amafa chaka chikatha, kapena loti munthu asasunge opitirira mlingo wakutiwakuti. Zikafika pokangana, chimene chimapulumutsa wantchito ndi pepala: fomu yopemphera tchuthi imene abwana analembapo kuti adikire, kalata, ngakhale uthenga wa pafoni. Munthu amene anapempha n'kukanizidwa chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito ali ndi mlandu wolimba. Amene anangokhala chete zaka zinayi, n'kudzatulukira pa tsiku lomaliza kuti ali ndi masiku 70, adzavutika kutsimikizira kuti panali mgwirizano. Mayi athuwa fomu yawo anaisunga.

Ndiye pachotsedwe masiku amene anapuma kale chaka chino. Anapita kumudzi nthawi ya Pasaka, kuyambira Lolemba pa 21 Epulo, n'kubwerera kuntchito Lolemba pa 28. Pakalendala amenewa ndi masiku 7, ndipo kalaliki wosasamala akhoza kulemba 7 m'buku. Koma pa 21 linali Lolemba la Pasaka, ndipo pa 27 linali Lamulungu. Tchuthi chimawerengedwa m'masiku ogwira ntchito okha, ndipo lamulo limanena kuti tsiku la tchuthi cha boma likagwera m'kati mwa tchuthi cha munthu, lisamudyere tsiku lake. Masiku oona ndi 5 basi: pa 22, 23, 24, 25 ndi Loweruka pa 26. Kulakwitsa kwa kalalikiyo kukanawadyera mayiwa masiku awiri, yomwe ndi K50,000, popanda wina aliyense kukhala ndi mtima wofuna kuba. N'chifukwa chake kuona buku la tchuthi ndi maso ako, tsiku ndi tsiku, kumaposa kungolandira nambala imene wauzidwa.

Tikasonkhanitsa, pochoka pa 16 Ogasiti mayiwa ali ndi masiku 11.25 a chaka chino, kuonjezera 6 a chaka chatha, kuchotsa 5 amene anapuma. Atsala ndi 12.25, ndipo pa K25,000 patsiku imeneyi ndi K306,250. Akanadikira mpaka kutha kwa mwezi akanakhala ndi masiku 13, omwe ndi K325,000.

Apa tsopano njira zimene mayiwa angatsate zikuoneka ndi mitengo yake. Akagwira notisi yonse, alandira K650,000 ya Ogasiti ndi K325,000 ya tchuthi, zonse K975,000. Akachoka pa 16 popanda kukhululukidwa, alandira K350,000 ya masiku ogwiridwa ndi K306,250 ya tchuthi, koma pachoka K300,000 ya notisi, n'kutsala K356,250. Kusiyana kwake n'kopitirira K600,000, ngakhale kuti chilungamo chake n'chakuti mbali ina ya ndalamayi ibwerera kudzera m'malipiro a masabata awiri a ku Lilongwe. Kaya kudula notisi n'kwanzeru kapena ayi zikutengera kuti ntchito yatsopanoyo ikulipira zingati, komanso ngati angadikire. Chimene sichanzeru ndi kudula notisi usanakhale pansi ndi cholembera.

Njira yachitatu ndi imene anthu ambiri saiyesa n'komwe. Mayiwa akhoza kupita kwa abwana, n'kulonjeza kuti pofika pa 16 adzakhala ataphunzitsa wolowa m'malo mwawo, atawerengera limodzi ndalama ndi mabuku, makiyi a sefa ataperekedwa, n'kupempha kuti masiku 12 otsalawo awakhululukire. Abwana akavomera, mayiwa apita ndi K656,250 m'malo mwa K356,250. Kukambirana kwa mphindi zochepa kwabweretsa K300,000. Koma chilolezocho chilembedwe ndi kusayinidwa. Mawu akuti "pitani bwino, palibe vuto" olankhulidwa pakhomo la sitolo safika kwa akauntanti amene adzakonze malipiro, ndipo akauntantiyo adzadula malinga ndi zimene zili m'faelo.

Pali ena amene amadzipangira okha masamu akuti, poti ndili ndi masiku 12 a tchuthi ndipo notisi yatsala masiku 12, ndingowagundanitsa n'kumapita. Pa ndalama n'zoona kuti ziwirizi zatsala pang'ono kufanana, koma munthu asadzilamulire yekha. Tsiku loyambira tchuthi amalikhazikitsa ndi olemba ntchito atakambirana ndi wantchito, ndiye amene wangosowa n'kumati ali pa livu akhoza kulembedwa kuti wathawa ntchito, n'kuipitsa mbiri imene akanaifuna mawa. Njira yoyera ndi kulemba zinthu ziwirizi padera pa pepala la malipiro omaliza, china ngati cholandira, china ngati chobweza, aliyense aone mmene zathera.

Nthawi zina zimatembenuka. Wosunga ndalama akapereka kalata, abwana ena safuna kuti akhalenso pafupi ndi sefa ngakhale tsiku limodzi, ndipo amamuuza kuti atenge chikwama chake azipita lero lomwe. Mayiwa akanauzidwa zimenezi pa 31 Julayi, iwo atanena kuti ali okonzeka kugwira mwezi wonse, ndiye kuti sitolo ndi imene yadula notisi. Iyenera kuwalipira K650,000 ya Ogasiti ngakhale sanapondeko, pamodzi ndi zina zimene akanapindula nazo m'mweziwo, ndi tchuthi chawo pamwamba. Msampha uli pa kapepala kamene munthu amapatsidwa kuti asayine ali wosokonezeka, konena kuti mbali zonse zagwirizana kuti ntchito ithe lero ndipo palibe wofunsa mnzake kanthu. Akasayina kameneko, wakhululukira notisi yake ndi dzanja lake.

Tibwerere ku nambala ija ya tsiku limodzi, chifukwa ndi pamene kubera kwenikweni kumabisala. Alimi amawadziwa mavenda amene pogula chimanga amabwera ndi ndowa yofutukuka, koma pogulitsa amatulutsa ina yophwanyika m'mbali. Pa malipiro omaliza zimachitikanso. Podula notisi, kampani imatenga malipiro onse n'kugawa ndi 26, tsiku n'kukhala K25,000. Polipira tchuthi imatenga salale yokha n'kugawa ndi 30, tsiku n'kutsika kufika pa K17,333. Masiku 13 aja, m'malo mwa K325,000, amangokhala K225,333. Pafupifupi K100,000 yapita, pepala likuoneka laudongo, manambala onse ali m'mizere yake.

Kugawa ndi 30 polipira tchuthi n'kolakwika pa chifukwa chimene mwana wa pulayimale akhoza kuchitsata. Munthu amene ali ndi masiku 26 a tchuthi akawatenga onse amakhala kunyumba mwezi wathunthu, n'kulandira malipiro ake onse a mwezi. Ndiye masiku 26 omwewo akasanduka ndalama ayenera kukwana malipiro a mwezi. Ukagawa ndi 30 n'kuchulukitsa ndi 26, sufikapo. Nambala ya 30 imawerengera Lamulungu, pamene buku la tchuthi silimuwerengera. Pa nkhani yoti tchuthi chilipidwe pa salale yokha kapena pamodzi ndi maalawansi, makampani amasiyana ndipo ena analemba m'malamulo awo, koma funso loti wantchito afunse ndi losavuta: ndikanapita kutchuthi mwezi uno, kodi alawansi ya nyumba mukanaidula? Ngati yankho ndi ayi, n'kovuta kufotokoza chifukwa chake ikudulidwa tsiku lomwelo likamalipidwa ngati ndalama. Ndipo mtengo wogwiritsa ntchito ndi wa malipiro a panopa, osati a chaka chimene masikuwo anapezedwa. Masiku 6 a 2024 aja alipidwa pa K25,000 ngakhale kuti nthawi imeneyo mayiwa ankalandira zochepa.

Manambala onsewa ndi a msonkho usanachotsedwe. Ndalama ya tchuthi ndi ya notisi imene munthu walandira ndi malipiro ngati ena onse, ndipo bungwe la MRA limatengapo gawo lake. Popeza zimabwera pamodzi ndi malipiro a mwezi, msonkho wa mwezi womalizawo umaoneka waukulu kuposa wa masiku onse. Ngongole za pantchito, monga adivansi imene sinathe kubwezedwa, nazonso zimadikirira pomwepo. Amene anapuma masiku ochuluka kuposa amene anali atawapeza, monga kutenga onse 18 mu Febuluwale n'kusiya ntchito mu Meyi, asadabwe kampani ikafunsa masiku opitirirawo.

Palinso ndalama imene anthu ambiri amaiyembekeza koma sibwera. Chisinthireni lamulo mu 2010, ndalama ya sevaransi imaperekedwa kwa amene ntchito yawathera chifukwa kampani ikuchepetsa anthu, yagwa m'mavuto a zachuma kapena ikusintha kayendetsedwe kake, komanso kwa amene achotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha mwa kufuna kwake salandira. Penshoni ndi nkhani ina: ndalamazo zili kukampani yosunga penshoni m'dzina la mwini wake, zili ndi malamulo akeake otapira, ndipo sizikhala pa peyisilipi yomaliza. Masiku a tchuthi cha matenda amene munthu sanawagwiritse ntchito nawonso sasanduka ndalama.

Pali mtundu umodzi wa kusiya ntchito umene suyenderana ndi masamu onsewa. Gawo 60 limalola wantchito kuchoka popanda notisi, kapena ndi notisi yofupika, ngati khalidwe la olemba ntchito lafika poti munthu wanzeru zake sangayembekezeredwe kupitiriza. Zikatero lamulo limaona ngati munthuyo wachita kuchotsedwa, ndipo notisi sangamulipiritse. Koma udindo wotsimikizira zimenezi uli pa wantchito mwini, ndipo kungodana ndi kapitawo sikukwanira. Amene akuchoka pa chifukwa choterechi achitchule momveka m'kalata yake. Kalata yodzaza ndi kuthokoza abwana chifukwa cha chikondi chawo idzawerengedwa mokweza tsiku la mlandu.

Gawo 53 limapereka masiku 7 kuchokera pamene ntchito yatha kuti malipiro omaliza aperekedwe. Mawu akuti "mudikire kutha kwa mwezi wamawa" kapena "abwana aakulu ali kunja" sali m'lamulo. Wochokayo alinso ndi ufulu wopempha satifiketi yosonyeza kuti anagwira ntchito yanji, kuyambira liti mpaka liti. Masiku 7 akadutsa kuli zii, kapena manambala akakana kugwirizana, poyambira ndi kalata yaulemu yoonetsa masamu ako mzere ndi mzere. Imeneyo ikakanika, nkhani imapita ku ofesi ya zantchito ya m'boma lomwelo, kumene anthu amangoti kuleba, ndipo mlangizi wa kumeneko amaitana mbali zonse ziwiri kuti zimvane. Zikavutabe, bwalo la milandu ya zantchito, lomwe lili ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndilo limagamula. Kuzengereza kumawononga mlandu, makamaka kwa amene akudandaula kuti anachita kukakamizika kuchoka, chifukwa dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo liyenera kufika kuleba pasanathe miyezi itatu.

Kuleba sakafunsa kuti munthu ankagwira ntchito molimbika bwanji. Akafuna kuona kalata yolembedwera ntchito, mapeyisilipi a miyezi yapitayi, kalata yosiyira ntchito yodindidwa tsiku, ndi mafomu a tchuthi. Mapepala amenewa ndi osavuta kuwapeza munthu akadali pantchito, koma amasowa modabwitsa akangotuluka pageti. Inu amene mukuganiza zosiya ntchito, asonkhanitseni kaye, pemphani kuti akulembereni masiku anu a tchuthi, werengani mtengo wa tsiku lanu limodzi, ndipo kalatayo muilembe pambuyo pake.